Mchenga m'Diso la Rabson

Pa Kande, m'mbali mwa msewu wa tala, panali khonde la golosale pomwe Malita ankasokera. Makina ake anali akale, opalasa ndi phazi, ndipo akangotukula mutu ankaona zonse zochitika tsidya lina la msewu, pa shedi ya mwamuna wake Rabson, wowotcherera zitsulo. Shedi tikunenayi musaganize kuti inali nyumba. Inali mitengo inayi ndi malata a dzimbiri pamwamba, basi. Pansi pake panali makina owotcherera opangidwa pamanja ndi munthu wina wa ku Mzuzu, nthambo zolumikizalumikiza ndi mapulasitiki, ndi girayinda imene chotchingira chake chinachotsedwa kalekale, ati chinkatsekereza disiki yaikulu.

Malita kwawo kunali ku Kasungu. Anabwera kunyanja ali mtsikana kudzakonza m'zipinda pa loji ina, Rabson n'kumuona, nkhani n'kuthera ku tchalitchi. Mwana wawo Taonga tsopano anali ku sekondale yogonera komweko. Zaka zonsezi Malita anaphunzira Chitonga chogulira nsomba ndi cholonjerera apongozi, koma m'nyumba ankayankhula Chichewa, makamaka akamakangana.

Chigoba chotchingira kumaso Rabson anali nacho, chija chogwira pamanja chokhala ndi kagalasi kakuda. Chinkakhala pa msomali, akangaude n'kumamangamo nyumba. Ukamufunsa ankakuyang'ana ngati wafunsa zachibwana.

"Manja ndili nawo angati? Ili lagwira chitsulo, ili lagwira ndodo yowotcherera. Chigobacho ndigwire ndi mano?"

Ndiye ankachita zomwe owotcherera onse a m'mbali mwa msewuwo amachita. Ankalunjika ndodo pomwe zitsulo zakumana, n'kutsinzina, n'kutembenuza nkhope, moto n'kuthetheka. Powotcherera mzere wautali ankavala magalasi adzuwa a pa msika, aja amavala anyamata a kabaza. Koma kutsinzina sikufulumira kuposa moto. Tsiku limene wawotcherera kwambiri ankabwera kunyumba ali bwinobwino, n'kudya, n'kugona, kenaka maso n'kuyamba kuwotcha ndi kutuluka misozi ngati wina wathiramo mchenga. Ndiye dzina lake lomwelo: mchenga. Mankhwala ake ankadziwika. Malita ankadula mbatata ya kachewere mopyapyala, n'kuika pa zikope, n'kumanga ndi kansalu konyowa. Pofika mawa lake madzulo mchenga unkakhala utapita wokha. Mbatata zimene mayiyu anadulira maso a mwamuna wake zikanadzaza thumba, ndipo anali atasiya kalekale kudandaula. Iye mwini chala chake chamkombaphala chinali ndi chikhadabo chopindika, poti singano ya makina inalowapo kawiri, ndipo kawiri konseko anaizula ndi pulayazi ya Rabson n'kupitiriza kusoka.

Chaka chimenecho magetsi ankabwera ngati mlendo wosalonjeza. Mwina m'mawa, mwina masana, mwina osabwera n'komwe. Ndipo m'nyengo yomweyo a Lackson, manijala wa loji ina ya kumunsi kunyanja, anapatsa Rabson ntchito yaikulu: geti ndi mafelemu a mawindo a zipinda zatsopano, zonse zithe alendo a ukwati asanafike. Panalibe cholemba chilichonse. Anangogwirana chanza pansi pa shedi, a Lackson n'kukwera galimoto n'kumapita.

Masana ena Malita akusoka yunifolomu ya sukulu anamva girayinda ikulira. Anatukula mutu n'kuona mwamuna wake atawerama pa geti, magalasi ali pamphumi. Pansi pa malatawo panali mthunzi, ndipo ndi magalasi akuda mzere sunkaoneka. Moto unkathethekera uku ndi uku. Mwadzidzidzi Rabson anagwedeza mutu ngati wakana ntchentche, n'kupukuta kumaso ndi mkono wa malaya, n'kupitiriza. Malita naye anabwerera pa kolala imene ankasoka.

Madzulo, asanadye n'komwe, diso lakumanja linali litafiira, misozi ili chuchuchu.

"Dulani mbatata, mayi a Taonga. Mchenga."

Malita anadula. Koma pomanga kansalu anaima kaye.

"Bambo a Taonga, mchenga umakugwirani onse awiri. Ili lakumanzere bwanji lili mbee?"

"Ndinatembenukira mbali imodzi. Moto unandipeza uku."

"Komanso umayamba mutagona. Lero wayamba dzuwa lili pamutu."

"Ndiye mwayamba udokotala? Mangani, ndatopa."

Anamanga. Nayenso anali atatopa, msana ukuwawa ndi kupalasa, ndipo yankholo linamveka ngati lokwanira.

Mchengawo sunapite mawa lake, kapena mkuja wake. Rabson ankagwira ntchito diso limodzi atalitsinzina, akumatukwanira pansipansi dzuwa likamuwomba kumaso. Ankati chikope chikaphethira pamakhala ngati pali minga. Malita anamukhazika pa khonde, n'kutsegula disolo ndi zala, n'kuuziramo. Anaona ngati kadontho ka bulauni pafupi ndi pakati pa diso, kochepa kuposa kanjere ka fodya. Anapota kansonga ka nsalu n'kuyesa kukachotsa. Sikanasunthe, ndipo Rabson analumpha ngati wapsa.

Sibongile, mayi wokazinga tchipisi pafupi ndi golosaleyo, anabwera mwana ali kumbuyo. Mikono yake inali mawangamawanga ndi zipsera za mafuta otentha, ndipo pa nkhani za kupsa ndi kuvulala aliyense pa Kande ankamumvera.

"Ada Rabson, musavutike. Mkaka wa m'mawere ndiye umatsuka diso. Mchimwene wanga wa ku Mpamba amawotchereranso, amachita zomwezo."

Anafinyira pang'ono mu supuni, Malita n'kudonthezera. Rabson anati kwazizira bwino, n'kuthokoza m'Chitonga kuti "yewo", n'kuwoloka msewu, chifukwa wailesi ya m'golosale inali itangoyamba kulira, kusonyeza kuti magetsi abwera.

Tsiku la msika Malita anagula kabotolo ka mankhwala odonthezera m'maso kwa bambo wina woyala mankhwala pa thumba, pakati pa wogulitsa sopo ndi wogulitsa mabatire. Abale, mankhwala amenewo anagwira ntchito ngati matsenga. Kufiira kunachepa, ululu unatsika, Rabson anagona tulo tabwino, m'mawa n'kudzuka akuimba nyimbo ya kwaya. Anamuseka mkazi wake kuti udokotala wake wa mbatata watha ntchito. Malita anaseka nawo, ndipo mtima wake unakhala pansi kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

Koma kadontho kaja sikanachoke. Kuzungulira pake panayamba kuyera, ngati pamene padonthera phala. Ululu utabwerera unabwera ndi mutu womwe, ndipo m'mawa zikope zinkamatana ndi mafinya.

"Mawa tikupita ku chipatala ku Chintheche," anatero Malita. Sanafunse, anangonena.

Rabson anavomera. M'mawa anasamba, n'kuvala malaya a ku tchalitchi, onse awiri n'kukaima pa siteji kudikira minibasi. Magetsi anali atasowa kuyambira dzana. Minibasi ikutulukira pa kona, babu la pa khonde la golosale linayaka.

Malita analiona, ndipo anadziwa kuti mwamuna wake waliona.

"Bambo a Taonga, ayi."

"Geti latsala mahinjesi okha. A Lackson aimba kale kawiri. Magetsi awa akapita, abweranso liti? Chipatala sichisamuka."

"Diso lanu likuwola."

"Likhala litawola pofika masana? Ndikangomaliza tinyamuka."

Kondakitala anafunsa ngati akukwera kapena akungoyang'ana galimoto. Rabson anali atawoloka kale msewu, akupinda mikono ya malaya a ku tchalitchi aja. Malita anaima pomwepo kanthawi, chikwama chili m'khwapa. Anakwiya, koma mkwiyo wake unali wofooka, chifukwa naye ankadziwa kuti geti limenelo ndiye chakudya chawo, ndipo Taonga akuyembekezera ku sukulu. Anabwerera pa khonde n'kuvundukula makina. Magetsi tsiku limenelo, ngati dala, anakhala mpaka madzulo. Mawa lake linali Loweruka, ndipo anayakanso.

Anapita Lolemba, geti litaimikidwa kale pa loji. Ku Chintheche anangoyang'ana disolo ndi tochi, n'kuwalembera kalata kuti apite msangamsanga ku chipatala cha ku boma, kumene kuli wa maso. Mu minibasi Rabson anaphimba nkhope ndi chitenje cha mkazi wake njira yonse.

Dokotala wa maso anali mayi wamng'ono thupi, woyankhula Chichewa cha ku Lilongwe, wooneka kuti naye sanapume kuyambira m'mawa. Anadonthezera mankhwala oziziritsa ululu, kenaka ena achikasu, n'kuunika ndi kuwala kwa buluu. Kenaka anamufunsa Rabson.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndimawotcherera."

"Girayinda mumagwiritsa?"

"Eya."

"Muli kachitsulo umu. Kalowa pa galasi la diso, kachita dzimbiri, ndipo pozungulira pake pachita chilonda chachikulu. Mwathiramo chiyani?"

Rabson anayang'ana pansi. Malita ndiye anayankha, n'kutchula zonse: mbatata, nsalu, mkaka, kabotolo. Anakatulutsa m'chikwama. Dokotala anawerenga, n'kupuma mozama, n'kukaika patali pa tebulo.

"Awa amaziziritsa diso, inde. Koma pakakhala chilonda amachititsa kuti tizilombo tidye momasuka, munthu osamva kanthu. Mkaka nawo umalowetsa tizilombo tina." Sanakalipe. Anayankhula ngati munthu amene wanena mawu omwewo kambirimbiri. "Moto wa kuwotcherera umapsereza pamwamba, kawirikawiri maso onse awiri, ndipo umapola wokha. Koma diso limodzi likamalasa osasiya, mutagwira girayinda, si moto umenewo. Mukanabwera tsiku loyamba ndikanakachotsa inu mutakhala pampando pomwepo, n'kubwerera kwanu tsiku lomwelo."

Anakachotsa ndi nsonga ya singano, akuyang'anira pa makina. Anakaika pa thonje n'kumuonetsa Malita. Mayiyu, amene tsiku lililonse ankalowetsa ulusi pa singano, anachita kuyandikira kuti akaone. Kanali kochepa kwambiri moti anamva manyazi, kenaka anamva chisoni chachikulu.

Kenaka dokotala anaphimba diso lakumanzere la Rabson ndi chikhatho, n'kuuza Malita kuti aime patsogolo pake.

"Mukuona ndani?"

"Ndikuona kuwala kwa pa windo."

"Munthu simukumuona?"

"Pali munthu?"

Malita anali pafupi moti akanatha kumugwira phewa.

Dokotala anamugoneka Rabson m'chipatala. Mankhwala ankadonthezedwa ola lililonse, usana ndi usiku, ndipo Malita ankagona pa chitenje pansi pa bedi, makina ake ali ovundikira ku Kande, mayunifolomu a ana a eni ake osatha. Chilonda chinapola pang'onopang'ono. Diso silinaphulike, ndipo dokotala anati pamenepo athokoze. Koma pamene panali chilonda panatsala chipsera choyera, pakatikati penipeni, ndipo kuseri kwake Rabson ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Powatulutsa dokotala anamugwira dzanja Rabson.

"Bambo, mwatsala ndi limodzi. Chigoba nthawi zonse, ngakhale pongolumikiza pang'ono. Pa girayinda magalasi oyera otchinga m'mbali. Kutsinzina kuja kuthe."

Atabwerera, Malita anatsikira yekha ku loji. Anadutsa pa geti latsopano lija, lopakidwa penti yobiriwira, lotseguka bwino popanda kulira. Anali ataganiza kale zonena. Iye anagwirapo pa loji yomweyo, ndipo ankakumbuka kuti wophika wina atapsa ndi mafuta, abwana anamutengera ku chipatala n'kumupatsanso chipukuta misozi.

A Lackson anamulandira bwino, n'kumupatsa mpando ndi madzi ozizira. Anamva nkhani yonse akugwedeza mutu, ndipo chisoni chawo chinali chenicheni.

"Mayi, pepani kwambiri. Koma wophika mukunenayo anali wantchito wathu, wolembedwa. A Rabson ndi munthu wodziimira payekha. Ife tinagula geti, monga mmene tingagulire nsomba kwa msodzi. Avulalira pa shedi yawo, ndi zipangizo zawo."

"Koma ankathamangira tsiku lanu."

"N'zoona. Koma ngakhale mutapita ku ofesi ya zantchito, funso loyamba adzakufunsani kuti anawalemba ntchito ndani. Mudzayankha kuti chiyani?"

Rabson sanalembedwepo ntchito ndi munthu chibadwire. A Lackson analowa m'sitolo ya loji n'kutuluka ndi magalasi oyera a pulasitiki, aja amavala wotchetcha kapinga ndi makina, n'kumupatsa Malita. Anawalandira ndi manja awiri, poti ndi mmene analeredwera, koma njira yonse yokwera kumsewu ankalakalaka atawataya m'chinangwa. Sanawataye.

Rabson anakhala pakhomo masabata angapo. Ankathira tiyi pambali pa kapu. Ankaphonya chogwirira cha chitseko. Anthu a ku tchalitchi anabwera, anapemphera, anasiya ufa wa kondowole ndi usipa, kenaka anasiya kubwera, poti nawonso ali ndi zawo. Sibongile ankatembenuza nkhope Malita akamadutsa, mpaka tsiku lina Malita anamuuza kuti asiye zimenezo, supuni ya mkaka ija anaigwira ndi iye mwini Malita. Makina osokera okha ndiwo ankadyetsa nyumba, ndipo sankakwanitsa.

Ndiye m'mawa wina Rabson anatsegula shedi. Anachotsa chigoba pa msomali, n'kupukuta akangaude, n'kusintha kagalasi kakunja kamene kanali katachita zipsera. Ntchito yoyamba inali yaing'ono: mayi wina wogulitsa tomato anabweretsa keriyala ya njinga yothyoka mwendo. Malita ankayang'ana ali pa khonde, phazi lili pa chopalasira koma osapalasa.

Rabson anagwira chigoba kumanzere, ndodo kumanja. Kachitsulo kothyokako anakatsamiritsa pa njerwa. Atangokakhudza ndi ndodo kanagwa. Anakaimikanso, n'kukapanikiza ndi mwala. Kuseri kwa kagalasi kakuda munthu saona kanthu moto usanayake, ndipo ndi diso limodzi sankadziwa ngati ndodo yafika kapena yatsala. Anaphonya, ndodo inakakamira pambali, poikoka kachitsulo kanagwanso. Anayesa ndi phazi, koma anali atavala patapata. Mayi wa tomato anayamba kuyang'ana kumsewu, kumene kunali shedi ina kutsogolo.

Kenaka Malita anaona chimene ankachiopa. Mwamuna wake anaika chigoba pansi mwakachetechete, n'kugwira kachitsulo ndi dzanja lamanzere, n'kuweramitsa nkhope pafupi kuti diso lotsalalo lione bwino polunjika.

Sanadziwe kuti wawoloka bwanji msewu. Anangopezeka waima pansi pa malata, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Tolani chigobacho."

"Mayi a Taonga, kamodzi kokha. Kungolumikiza."

"Tolani."

"Ndiye chitsulochi agwire ndani? Wantchito ndimulipira chiyani? Ndikapanda kuwotcherera tidya geti la a Lackson?"

Sanakweze mawu. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi kuuzidwa. Malita anayang'ana shedi yonse: panalibe chopanira, panalibe vayisi, panalibe chigoba chachiwiri. Magalasi oyera aja anali pa msomali, koma iye ankadziwa kuti amenewo ndi a girayinda, moto sautchinga. Anayang'ana tsidya lina, pa makina ake, pomwe diresi la mwini wake linali litapanidwa pansi pa singano, likudikira maso ake.

Anatola pulayazi. Anagwada pa fumbi, n'kupana kachitsulo kaja, n'kukagunditsa pomwe kanathyokera. Dzanja lake, lozolowera kuwongola nsalu, linakagwira zolimba.

"Apa?"

Rabson anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi lija. Kenaka anawerama n'kutola chigoba.

"Kwezani pang'ono. Pomwepo." Anaika nsonga ya ndodo pafupi, n'kuphimba nkhope yake. Mawu anatuluka kuseri kwa chigobacho, otsika, otopa. "Mayi a Taonga, tsinzinani."

Malita anatsinzina, n'kutembenuza nkhope. Kuwalako kunadutsa m'zikope zake, kofiira.